Madala amwalira, masheya ndi a ndani? Mmene nkhani yake imayendera zenizeni

Funso: "A loya, ine ndikulemba kankhani kakafupi ka kampani ya pabanja, bambo mwini wake amwalira kenako abale ayamba kukanganirana masheya poti sizikudziwika bwino kuti ndani ali ndi angati. Koma ndikalemba zikungotuluka ngati sewero la pa wailesi, malume oipa kulanda katundu basi. Zenizeni zimakhala bwanji kuti owerenga akhulupirire?"

Yankho:

Achemwali, choyamba chotsani munthu oipayo. Pa milandu ya mtundu uwu yomwe yadutsa pa desiki yanga, yobera siginecha kapena kubisa wilo ndi yochepa kwambiri, yambiri imakhala yoti aliyense akunena zoona zake ndithu, analidi pompo, anamvadi ndi makutu ake Madala akulankhula, koma pepala likunena zina. Pamenepo ndi pomwe pali nkhani. Ndikumangirani banja limodzi longopeka, mayina muika nokha, koma malamulo ake ndi enieni a kuno ku Malawi.

Tiyambe 1996 ku Limbe. Madala ali ndi malole awiri onyamula fodya kupita ku okushoni komanso kashopu ka hadiweya, ndiye banki yawauza kuti ngongole yaikulu sangapatsidwe ngati bizinesi ili m'dzina lawo chabe, akalembetse kampani. Nthawi imeneyo tinkagwiritsa ntchito lamulo la makampani la 1984, lomwe silinkalola munthu mmodzi kukhala ndi kampani yekha, pankafunika anthu osachepera awiri. Lamulo la 2013 ndi lomwe linabwera kudzalola kampani ya munthu mmodzi. Kameneka musakataye, chifukwa makampani ambiri akale ali ndi dzina la m'bale kapena mkazi lomwe linangolowetsedwa kuti fomu idzaze. Ndiye Madala atenga mng'ono wawo, amene anawo amawatchula kuti bambo aang'ono. Masheya onse ndi 1,000, Madala 600, mng'ono wawo 400. Kodi mng'onoyo anaikapo ndalama? Iye akuti lole yachiwiri ija inagulidwa ndi ndalama zake za penshoni. Ana a Madala akuti bodza, amangoyendetsa. Lisiti palibe, papita zaka pafupifupi 30, ndani amasunga lisiti ya lole yomwe inagulitsidwa kalekale ngati sikirapu.

Mu 2009 awiriwo ayambana. Akulu akubanja akhala pansi kumudzi, agwirizana kuti mng'onoyo atenge lole imodzi ndi K2 miliyoni, achoke mu bizinesi. Agwirana chanza, adyera limodzi nsima, nkhani yatha. Koma fomu yosamutsa masheya palibe anasayina, m'buku la masheya simunasinthe kanthu, ngakhale pa udayirekitala dzina lake silinachotsedwe. Kwa anthu akubanja munthuyo anatuluka. Kwa kampani akadalimo ndi 400 yake.

Kenako 2018, mwana wachisamba, amene anasiya ntchito yake ku Lilongwe kudzathandiza bambo ake, wakwatira, ndipo pa phwando Madala ayimirira ndi maiki nkunena kuti mwana wangayu ndampatsa masheya 200. Anthu alulutira, vidiyo ilipo pa foni. Madala anafikadi posayina fomu, koma anaiika mu dirowa ya mu ofesi nkukiya.

Madala amwalira opanda wilo. Asiya ana atatu akuluakulu a mayi oyamba omwe anamwalira kale, mkazi wawo wachiwiri amene timutchule kuti mayi aang'ono, ndi kamwana ka zaka 9 ka mayi aang'onowo. Anthu asanu.

Tsopano olemba ambiri amayambitsa mkangano pa maliro, anthu kulimbirana makiyi bokosi lisanatsike. Zimachitika inde, koma kampani sisweka tsiku limenelo. Imasweka pa 25 kapena 28, tsiku la malipiro. Wachisamba uja apita ku banki ndi mndandanda wa madalaivala ndi anyamata a mu shopu, banki imuuza kuti wosayina pa akawunti anali Madala okha, ndipo iwo amva za imfayo, ndiye kuti asinthe wosayina pakufunika chigamulo cha madayirekitala. Iye akuti chabwino, ine ndi manijala, ndakhala ndikuyendetsa zonse zaka 7. Iwo akuti manijala si dayirekitala, tibweretsereni mapepala a kwa Rejisitara Jenerale. Apita kukafufuza fayilo ku Blantyre, ndipo apeza kuti dayirekitala wamoyo watsala mmodzi, bambo aang'ono aja, amene sanapondeko pa geti chichokereni 2009. Ine ndikanakhala inu nkhani ndikanaiyambira pa kauntala ya banki pomwepo, mnyamata atagwira envulopu ya khaki, thukuta kamukamu, foni ikulira dalaivala ali ku Mwanza pa boda akufunsa za dizilo.

Apa pali chinthu chomwe mabanja sachimvetsa ndipo anthu anu a m'nkhani asachimvetsenso mpaka loya awauze. Kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Madala atamwalira kampani sinamwalire nawo, ndipo katundu wa kampani si chuma cha masiye. Chomwe chimalowa m'chuma cha masiye ndi masheya a Madala basi, kuphatikizapo zinthu zomwe zili m'dzina lawo lenileni. Ndiye mwana akaloza lole nkuti iyo ndi yanga bambo anandilonjeza, funso ndi loti pa buluubuku palembedwa ndani. Ndipo m'makampani a pabanja zimakhala chipwirikiti, malole atatu ali m'dzina la kampani, awiri m'dzina la Madala poti tsiku logula anaona kuti nkosavuta choncho, kenako nyumba yomwe mayi aang'ono akugonamo ndi mwana wawo nkupezeka kuti ili m'dzina la kampani chifukwa inaikidwa chikole ku banki. Tangoganizani mayi wamasiye akuuzidwa kuti mipando ndi mapoto ndi zanu koma denga ndi la kampani.

Za masheya, umboni oyamba omwe khoti limayang'ana ndi buku la masheya, lomwe kampani imayenera kusunga yokha ku ofesi kwake, momwe mumalembedwa dzina la munthu, masheya ake ndi tsiku lomwe analowa. Satifiketi ya masheya ndi umboni ndithu, malipoti a chaka ndi chaka opita kwa Rejisitara Jenerale nawonso ndi umboni, koma bukulo ndiye poyambira. Poyambira, osati pothera, chifukwa munthu atha kubweretsa umboni osonyeza kuti zolembedwazo nzolakwika ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti bukulo likonzedwe. Vuto ndi loti m'makampani ambiri a pabanja bukulo kulibe nkomwe, kapena lilipo koma linalembedwa tsamba limodzi tsiku lotsegula nkuiwalika pansi pa mabokosi a misomali. Ndinaonapo lina litadyedwa ndi chiswe mbali ya manambala yeniyeniyo, mayina ali bwinobwino, ndikanalemba m'nkhani anthu akanati ndawonjeza. Zikatere timatolera tizidutswa, mapepala olembetsera kampani, malipoti a chaka omwe akawuntanti ankangokopera za chaka chatha osafunsa, maminitsi a misonkhano ngati alipo, masitetimenti a banki, ndi funso loti kodi dividendi, phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, ankalandira ndani.

Tiwerengere tsopano, chifukwa masamu ake ndi omwe amayendetsa anthu kuti uyu agone kwa uyu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967, limati munthu akamwalira opanda wilo chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, komanso kuteteza amene ankadalira malemuyo monga makolo ake. Achimwene, alongo, adzukulu a ku chikamwini, mwini mbumba, mwambo suwapatsanso gawo ngati kale, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu oti munthu atha kukaseweza kundende. Mwana ndi mwana, wa mayi oyamba, wa mayi achiwiri, ngakhale wakunja uja amatulukira pa tsiku la maliro. Poyambira pake mkazi ndi ana amagawana mofanana, ngakhale khoti limatha kukondera mwana wamng'ono poti iye sukulu ikadali kutsogolo. Ife tingotenga zofanana kuti masamu asatizunguze.

Zikakhala monga mapepala akunenera, 600 ya Madala igawidwa pasanu, aliyense 120. Ana atatu a mayi oyamba akaphatikiza ndi 360. Mayi aang'ono ndi mwana wawo 240. Bambo aang'ono 400, ndiye kuti ndi iwo tsopano ali ndi masheya ambiri kuposa wina aliyense, osalanda kanthu, osaba kanthu. Kuti munthu asankhe dayirekitala amafunika mavoti opitirira theka, apa ndi 501, ndiye bambo aang'ono angofunika munthu mmodzi yekha, 400 kuphatikiza 120 ndi 520. Mlongo uja amene anakwiya kuti achimwene ake amadya okha za kampani iye akuvutika ndi lendi ku Ndirande, ameneyo ndi amene foni yake iyambe kulira usiku.

Ana akatha kutsimikiza kuti mu 2009 bambo aang'ono anagulidwadi, ndiye kuti dzina lawo lili m'buku koma masheyawo amangowasungira Madala, ndipo 1,000 yonse ilowa m'chuma cha masiye. Aliyense 200, ana atatu aja 600, kampani ili m'manja mwawo. Umboni wake ndi uti? Cheke ya K2 miliyoni ngati banki ingaipeze, kusintha kwa dzina pa buluubuku ya lole ija, ndi akuluakulu omwe analipo tsiku lija, omwe mwa anayi awiri anatsogola, mmodzi wakalamba moti nthawi zina amaiwala dzina la mdzukulu wake. Ndipo bambo aang'ono sakana kuti ndalama analandira, iwo akuti, "Ana inu, ndalama ija inali malipiro anga a zaka 13 zomwe ndinkagona m'lole osalandira kanthu, za masheya sitinakambe, mawu oti sheya m'mudzi muja anawatchula ndani?" Ndipo mwina akunena zoona, poti pansi pa mtengo paja anthu ankati achoke mu bizinesi, palibe anafunsa kuti kuchokako kukutanthauza chani pa pepala.

Nanga 200 ya wachisamba? Apa ndi pomwe anthu amalira. Kulankhula pa ukwati sikusamutsa masheya, vidiyo ingosonyeza kuti Madala anali ndi maganizo opereka. Makhoti athu pa zotere amatsata mfundo zomwe tinatengera ku malamulo a ku Mangalande, zoti mphatso yosamalizidwa khoti siliimalizira munthu, pokhapokha ngati woperekayo anachita zonse zomwe zinali m'manja mwake. Madala akanasayina fomu nkuipereka m'manja mwa mwanayo kapena kwa mlembi wa kampani pamodzi ndi satifiketi, mwanayo akanakhala ndi poyimira polimba ngakhale buku lisanasinthidwe. Koma fomu yapezeka mu dirowa yawo yokiya, kusonyeza kuti akanatha kuing'amba tsiku lililonse. Ndiye funso lonse lili pa kiyi wa dirowa, anali ndi ndani? Ngati mwanayo anali ndi kiyi wake ndipo ankasungamonso zinthu zake, loya wake anena kuti fomu inaperekedwa. Ngati kiyi anali pa lamba wa Madala mpaka ku chipatala, zavuta. Kakiyi kameneko kangathe kunyamula nkhani yanu yonse, ndipo simufunikanso mfiti kapena poizoni.

Mphatsoyo ikavomerezedwa koma bambo aang'ono nkukhalabe ndi 400 yawo, chuma cha masiye chitsala 400, aliyense 80. Wachisamba 280, ndi abale ake awiri afika 440. Bambo aang'ono 400. Mayi aang'ono ndi mwana wawo 160. Palibe mbali yofika 501 popanda mayi aang'ono, mayi omwe aja anawo ankawatchula kuti "mkazi wa adadi" osati amayi, omwe pa maliro anawakhazika kumbuyo. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa zonse. Komanso dziwani kuti zinthu zikuluzikulu monga kusintha malamulo a kampani zimafuna mavoti 75 pa 100 aliwonse, ndiye aliyense amene ali ndi masheya opitirira 250 atha kutsekereza, bambo aang'ono ngakhale ataluza mavoti ena onse amakhalabe mwala pakhomo.

Koma musathamangire ku mavotiwo, pali nthawi ya pakati yomwe ndi yowawa kwambiri. Masheya a munthu omwalira sagwera ana okha ngati mango. Pamafunika kaye munthu opatsidwa makalata ndi khoti oti ayendetse chuma cha masiye, akhale wa m'banja kapena ofesi ya Adiminisitireta Jenerale, ndipo ameneyo ndi amene kampani imamuzindikira, kenako iye nkudzagawa ngongole za malemu zitabwezedwa. Makalatawo asanatuluke, 600 ija ili duu, palibe oivotera. Ndipo banja likayambana pa funso loti makalata atenge ndani, wachisamba akuti ine, mayi aang'ono akuti ine ndine mkazi wake, wina nkukaika chiletso ku khoti, miyezi imangopita. Nthawi yonseyi amene ali ndi mpando ndi bambo aang'ono. Apanso muwerenge malamulo a mkati mwa kampani aja anasayinidwa 1996 osawerengedwa, chifukwa ambiri amapatsa madayirekitala mphamvu yokana kulembetsa munthu watsopano, ena amati masheya asanapite kwa wina ayambe atsatsidwa kwa amene ali kale mkati, ndipo ena amanena chochita madayirekitala akachepa. Ziganizo zitatu za pa tsamba lachikasu zitha kutembenuza zonse.

Ku khoti nkhani zake zimapita mbali ziwiri, ya chuma cha masiye payokha, ya kampani ku nthambi ya zamalonda ya Khoti Lalikulu, yomwe ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chomwe chimayamba ndi injankishoni, uyu aletsa uyu kugulitsa lole, uyo aletsa uyo kukhudza akawunti, mapeto ake palibe angagule ndi tayala lomwe. Malamulo a khoti a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa mkhalapakati pamaso pa jaji isanafike pozengedwa, ndipo ambiri amathera pamenepo, osati chifukwa akhululukirana koma chifukwa atopa ndipo aona bilu ya maloya, ife tomwe. Choncho ngati mukufuna chithunzi cha khoti, musalembe loya akukuwa ndi mboni ikukomoka. Lembani kachipinda, anthu a magazi amodzi atakhala mbali ziwiri za tebulo, aliyense akuyang'ana foni yake kuti asaphane maso.

Chomwe chimapha kampani nthawi imeneyi si chigamulo ayi. Ndi makasitomala. Amene ankapereka kontirakiti yonyamula katundu ankadziwa Madala, osati kampani, ndipo akangomva kuti kuli milandu amasamukira kwa wina mwakachetechete. Osapulaya simenti amene ankapereka pa ngongole ya masiku 30 ayamba kufuna kashi. Banki ikumbukira kuti ngongole ija Madala anaiyimira ndi dzina lawo. Dalaivala wabwino uja wa zaka 20 apita kwina poti ana ake sadya injankishoni. Masheya 400 a kampani yomwe malole ake akhala pa mawe chaka chathunthu ndi pepala chabe, ndipo aliyense m'banjamo amadziwa zimenezi koma palibe akufuna kukhala oyamba kugonja.

Pa zolankhula za anthu anu, samalani. Palibe amalankhula za mapelesenti kunyumba. Wachisamba amati "ndinasiya ntchito yanga chifukwa cha adadi". Mlongo wake amati "achimwene, inu mwadya kale gawo lanu, galimoto mukuyenderayo munagula ndi chani". Mayi aang'ono amati "amene ankawasambitsa ku chipatala miyezi inayi ndi ndani, inu munkabwera Lamulungu ndi mabanana". Bambo aang'ono salankhula zambiri, amangoti "mkulu wanga akanafuna kundichotsa akanandichotsa, ankadziwa kulemba". Ndipo mawu amenewo amabaya chifukwa mwina ndi zoona, mwina Madala anasiya dala, chikumbumtima chikuwavuta pa za lole ya penshoni ija. Funso limenelo musaliyankhe m'nkhani, mwini yankho ali kumanda.

Munthu mmodzi amene olemba amamuiwala ndi akawuntanti kapena kalaliki wakale wa kampani, bambo wa jekete yothetheka m'zigongono amene wakhala akulemba malipoti zaka zonsezi. Iye amadziwa kuti 2010 anafunsapo Madala kuti bwana, dzina la achimwene anu tilichotse? ndipo Madala anangoti tidzaona. Mbali zonse zikumufuna ngati mboni, mbali zonse zikumukayikira, ndipo iye penshoni yake ili m'kampani yomweyo. Mukafuna maso oonera nkhani yonse, tengani ake.

Mathero omwe ndimawaona kawirikawiri ndi oti wina amagulidwa, ulendo uno ndi mapepala. Amaitana munthu owerengera mtengo wa kampani, bambo aang'ono avomera kutsika kuchoka pa 400 mwina nkulandira mtengo wa 250 poganizira zomwe analandira 2009, ndalama yake izilipidwa pang'onopang'ono zaka zitatu, nyumba ichotsedwa m'dzina la kampani nkupita kwa mayi aang'ono ndi mwana wawo posinthana ndi ena mwa masheya awo, wachisamba atsala ndi kampani ya malole awiri m'malo mwa asanu. Tsiku losayina limakhala lozizira, losakoma, palibe kukumbatirana. Bambo aang'ono avala magalasi, awerenga fomu yonse mzere ndi mzere ngakhale loya wawo wawauza kale kuti zili bwino, apempha bolopeni poti yawo yakana kulemba, wachisamba atulutsa yake m'thumba la malaya nkuwapatsa osawayang'ana. Akamaliza abweza bolopeniyo nkufunsa kuti, "Nanga chiliza cha mkulu wanga timanga liti?"